Phindu silinatsike, anangosintha kawerengedwe

Anzanga oyang'anira mashopu a kampani kuno ku Mulanje, lipoti la pa kompyuta likakuonetsani kuti phindu latsika, musathamangire kukalipira anyamata osunga katundu. Yambani mwafufuza ngati kulikulu sanatumize kalata yosintha kawerengedwe, ndipo muone tsiku lomwe kusinthako kunayamba.

Ine ndimayang'anira holoselo pa Chitakale. Lipoti la mwezi wa Julayi linati phindu la shuga lachoka pa 25 peresenti kufika pa 20, pomwe mitengo sitinaikhudze. Tinatseka shopu tsiku lathunthu kuwerenga mabelo limodzilimodzi, ogula ochokera ku Limbuli akubwerera pakhomo ndi ndalama zawo. Palibe chinasowa. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anyamata aja anaweruka akuganiza kuti ndikuwayesa akuba.

Kalata ija inatipeza mwezi utatha, mizere inayi yokha, yopanda ndi chitsanzo chomwe. Inkati kuyambira pa 1 Julayi, kompyuta izigawa phindu ndi mtengo wogulitsira, osati wogulira ngati kale. Basi.

Tiyerekeze kuti belo mwagula pa K80,000 n'kugulitsa pa K100,000. Phindu ndi K20,000. Kale ankagawa K20,000 ndi K80,000 n'kupeza 25 peresenti, pano akugawa ndi K100,000 n'kupeza 20. Ndalama m'kabati ndi yomweyo. Mu Excel, ngati A2 ndi mtengo wogulira ndipo B2 ndi wogulitsira, mzere woyamba ndi wakale, wachiwiri ndi watsopano:

```
=(B2-A2)/A2
=(B2-A2)/B2
```

N'chifukwa chake ndikuti muziyamba mwayang'ana makwacha. Phindu la makwacha likakhala chimodzimodzi koma peresenti yatsika pa katundu yense nthawi imodzi, shuga, sopo ndi mafuta omwe, si wakuba ameneyo. Wakuba amaonekera pa mabelo osowa.

Za tsiku lija ndibwererepo. Kwathu malipoti a miyezi ya m'mbuyo sanawakonze, ndiye Juni ali m'kawerengedwe kakale, Julayi m'katsopano, koma pa pepala ali moyandikana ngati ndi zofanana. Ndinaimbira ofesi yowerengera ndalama ku Limbe, akuti "tinalemba kale, bambo." Inde munalemba, koma kalatayo inafika liti? Nditaumirira ndi pomwe anandiuza kuti chomwe kompyuta imayang'ana ndi tsiku logulitsa katunduyo, osati tsiku lomwe anafika m'shopu. Inunso funsani zimenezi, chifukwa kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake.

Kuti mufanizire miyezi iwiriyo, gawani peresenti yakale ndi 100 mutaphatikizapo peresenti yomweyo: 25 kugawa ndi 125 ndi 0.2, ndiye kuti 20 peresenti. Ngati bonasi yanu imayendera mlingo womwe anakuikirani, uwerengeninso. Wanga unali 22, womwe m'kawerengedwe katsopano ndi pafupifupi 18. Akanausiya pa 22 ndiye kuti andikwezera mlingo mwakachetechete. Ndinakana lonjezo la pa foni mpaka ananditumizira kalata yosainidwa yolemba 18, ndipo inunso musavomere za pakamwa.