Loweruka: tomato wa alamu wofota, dothi lonyowa pamwamba pokha

Ndinafika kwa alamu ku Kawale dzuwa lisanatuluke bwino, ndipo ndinachita dala kulawirira. Dzulo madzulo anandiimbira kuti tomato wawo wa m'ndowa wafota yense, chonsecho amathirira m'mawa uliwonse ndipo dothi likuoneka lonyowa. Anzawo ena anawauza kuti akuchulutsa madzi, ena kuti awonjezere. Ine ndinangowapempha kuti asathire kanthu mpaka ndifike.

Chifukwa cholawirira n'chakuti mwezi uno wa Okutobala, tomato wabwinobwino amene amatha kulefuka masana. Masamba amataya madzi mofulumira kuposa momwe mizu ingakwezere, kenako kukazizira amadzuka okha. Kufota kwa 1 koloko masana sikundiuza zambiri. Koma mbewu imene yagona usiku wonse kozizira n'kudzuka ili chiweramire, imeneyo ili ndi vuto kumizu.

Ndowa zake ndi zija za malita 20, zisanu ndi imodzi. Zinayi zandandalikidwa kukhoma la mpanda komwe dzuwa limawomba kuyambira m'mawa, ziwiri zili pamthunzi pafupi ndi mpopi. Zonse zinali zofota, ndipo zonse pamwamba pake panali poderako ndi chinyezi cha dzulo.

"Mwaona, alamu? Dothi ndi lonyowa ili," anatero akupaka chala pamwamba.

Ndinawafunsa kuti amathira ochuluka bwanji. Anandionetsa kapu ya pulasitiki yomwera tiyi, imodzi pa ndowa iliyonse, poti madzi akuvuta masiku ano. Apa ndinayamba kale kukayikira za ludzu, ndipo masamu ake ndi osavuta. Kukamwa kwa ndowa yotere ndi pafupifupi masentimita 30. Kapu ya mamililita 250 ikamwazika pamalo otero, imafanana ndi kamvula ka mamilimita atatu kapena anayi, kamene panthaka youma kamalowa masentimita awiri kapena atatu basi. Mizu ya tomato amene wayamba maluwa ili pansi kwambiri kuposa pamenepo. Komanso mbewu ya msinkhu umenewu, kukatentha chonchi, imamwa lita imodzi kapena awiri pa tsiku.

Komabe sindinafune kugamula ndi masamu okha. Ndinasenga kamtengo ka nsungwi kouma, kotalika kupitirira ndowa, n'kukabaya pakati pa tsinde ndi m'mphepete mpaka kanagunda pansi. Ndinakasiya pang'ono kenako n'kukazula, monga timachitira poyesa ngati chigumu chapsa m'kati. Mu ndowa yoyamba ya kukhoma, kamtengo kanalowa movutikira, ndipo kanatuluka koyera, kali ndi fumbi, kupatula kachigawo kakang'ono kamene kanali pamwamba. Nditakumba ndi chala kupitirira mfundo yachiwiri, dothi linali lotuwa, loyoyoka. Ndinafinya lina m'manja, ndipo nditatambasula dzanja linangomwazika. Ndowayo ndinainyamula ndi dzanja limodzi mosavuta. M'mphepete dothi linali litafwanyala n'kusiya mpata woti chala n'kulowa.

Mpata umenewu umapusitsa anthu ambiri. Alamu anati sabata yatha anathira madzi ambiri ndithu, ndipo nthawi yomweyo anatulukira m'mabowo a pansi, ndiye anaganiza kuti dothi lakhuta. Sizinali choncho ayi. Dothi la manyowa ambiri likauma gwa limakana madzi. Madziwo amangotsetsereka pamwamba, n'kudutsa mumpata wa m'mphepete, n'kutuluka, pakati pomwe pali mizu posakhudzidwa n'komwe. Madzi otuluka msanga choncho mu ndowa yopepuka ndi chizindikiro cha kuuma.

Masamba akenso ankanena zomwezo. Anali olefuka kuyambira kunsonga, opyapyala, osawala, ena m'mphepete mwauma moti ukakhudza akuthetheka. Maluwa angapo anali atayoyoka.

Titafika pa ndowa ziwiri za pampopi, nkhani inasintha ngakhale pamwamba pankaoneka chimodzimodzi. Kamtengo kanalowa mofewa n'kutuluka kakuda, kali ndi matope kunsonga. Nditakanunkhiza, kanali ndi fungo lowawasa la m'ngalande. Ndowayo kuti ndiisunthe panafunika manja awiri. Titaipendeketsa tinapeza kuti ili ndi kabowo kamodzi kokha, ndipo yakhala pasimenti mwakuti kabowoko katsekeka. Mwana wawo wamkazi anatiuza kuti akamatsuka mbale, madzi otsukuluzira amathira mmenemo kuti asatayike pachabe. Kotero ndowa ziwirizi zimalandira kapu ya alamu m'mawa, kuwonjezera beseni masana ndi lina madzulo, zili pamthunzi.

Alamu anadabwa kuti mbewu ingafote bwanji ili m'madzi. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo ndi pomwe pagona chisokonezo chonse. Mizu imapuma. Mpweya imaupeza m'timipata ta pakati pa dothi, ndipo timipatato tikadzaza madzi kwa masiku angapo, timizu ting'onoting'ono tomwe timayamwa madzi timafa. Pamenepo nkhungu za m'nthaka zimapezerapo mwayi, mizu n'kuyamba kuwola. Masamba salandiranso madzi, ndiye amafota mofanana ndi a mbewu ya m'dothi louma. Munthu akaona kufotako n'kuthiranso, ndiye kuti akuimaliza.

Kusiyana kwake ukayang'anitsitsa kumaoneka. Pa ziwirizi, masamba a m'munsi ndiwo anayamba kuchita chikasu, ali ofewa, opanda kouma m'mphepete. Timitengo ta masamba tinali titapindikira pansi koma tikadali tolimba ukatigwira, pomwe a kukhoma aja anali wedewede. Ndisabise, masamba okha sindiwakhulupirira kwenikweni, chifukwa vuto likakula zizindikirozi zimasakanikirana. Amene sanama ndi mizu.

Tinayala thumba pansi, n'kugoneka ndowa imodzi ya pampopi, n'kusolola dothi lonse pamodzi ndi mbewu. Theka la kumunsi linali phala lokhalokha. Mizu yake inali yofiirira, yoterera, ndipo nditakoka umodzi, khungu lake linavuka n'kusiya kaulusi m'kati. Kumtunda kunali kudakali mizu yoyera ndi yolimba, yokwanira kuti mbewu iyambirenso. Tinachitanso chimodzimodzi ndi imodzi ya kukhoma kuti alamu aone ndi maso awo. Iyo mizu yake inali yotuwa, yowuma kunsonga, yopanda fungo, ndipo yambiri inaunjikana pamwamba pomwe kapu ija imafika. Kuthirira madzi ochepa tsiku ndi tsiku kumakokera mizu kumtunda, komwenso ndi kumene kumatentha ndi kuuma msanga.

Ntchito tinaiyamba cha m'ma 8 koloko. Za kukhoma zija sitinathire pamwamba, poti madzi akanangodutsa m'mbali ngati kale. Tinaimika ndowa iliyonse m'bafa lochapira momwe munali madzi ofika ngati chikhatho kuya kwake, kuti dothi likoke lokha kudzera m'mabowo. Inkakhala mmenemo pafupifupi ola. Kenako tinabayabaya pamwamba ndi kamtengo, kutseka mpata wa m'mphepete ndi dothi, n'kuthira lita imodzi, kudikira kuti ilowe, n'kuthiranso ina, mpaka madzi anayamba kudontha pansi pang'onopang'ono. Ndinauza alamu kuti ainyamule ndowayo itakhuta choncho, kuti manja awo adziwe kulemera kwake. Pamwamba tinaphimbira ndi udzu wouma, osaugunditsa kutsinde.

Za pampopi tinazichotsera mizu yowola ndi lumo loyera, n'kutaya dothi la matope lija. Tinaboola mabowo ena asanu ndi msomali wamoto, n'kubwezera mbewu m'dothi latsopano losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi kompositi yopsa bwino, lachinyezi pang'ono chabe. Ndowazo tinazikhazika pa njerwa kuti pansi pazipita mpweya, pamalo pofika dzuwa la m'mawa lokha. Alamu amafuna kuthiramo feteleza kuti zilimbe, koma ndinawaletsa. Feteleza ndi mchere, ndipo pamizu yovulala amangowotcha. Adikire kaye mpaka aone masamba atsopano kunsonga.

Tinadya nsima ya usipa pakhonde, n'kucheza za mitengo ya mbewu ndi za mvula ngati ibwere msanga chaka chino.

Pofika 4 koloko, zitatu mwa zinayi za kukhoma zinali zitadzuka, nsonga zili chiriri. Masamba amene anauma m'mphepete sadzabwerera, koma ena onse anatambasuka. Umenewu ndiwo umboni womaliza wa ludzu: mbewu imene mizu yake ili moyo imayankha pa maola ochepa ikamwa bwino. Za pampopi zinali zofotabe, ndipo zitero kwa sabata kapena kupitirira, chifukwa ziyenera kuphuka mizu ina kaye.

Yachinayi ya kukhoma ndiyo yandisowetsa mtendere. Inamwa mofanana ndi zinzake, dothi lanyowa mpaka pansi, koma sinadzuke, ndipo masamba ake ndi obiriwira bwinobwino. Pali zifukwa ziwiri zimene ndikuganizira. Alamu akuti ndowa imeneyi inali pampopi mwezi watha asanaisamutse, ndiye mwina mizu inawola kalekale, ndipo dothi louma limene tinapeza lero labwera pambuyo. Izi zimachitika, ndipo n'chifukwa chake ndimafunsa mbiri ya mbewu osati za lero zokha. Chifukwa china ndi matenda a bakiteriya ofotetsa tomato, amene amatseka mitsempha ya m'tsinde mbewu n'kufota ili yobiriwira. Amenewa amakonda nyengo yotentha ngati ino, ndipo alibe mankhwala opopera.

Ndinadula kanthambi ka m'munsi, n'kulendewetsa podulidwapo m'tambula ya galasi ya madzi oyera, osaigwedeza. Akakhala bakiteriya, pakapita mphindi zochepa pamatsika timizere toyera ngati mkaka. Sipanatuluke kanthu, koma kanthambi kamodzi sikatsimikizira, poti kuyesa kwenikweni kumafuna tsinde lenilenilo pafupi ndi nthaka. Ndowayo taipatula, taiika kuseri kwa bafa komwe madzi ake sangayenderere kwa zinzake, ndipo lumo ndalitsuka ndi jiki.

Ndisananyamuke tinagwirizana za kathiriridwe. Kapu ija ibwerere kukhitchini. Za kukhoma azithira malita awiri nthawi imodzi m'mawa, pang'onopang'ono, pokhapokha chala chikapeza kuti masentimita asanu apamwamba auma, ndipo nyengo ino mwina zikhala tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi. Za pampopi asathire mpaka kamtengo katatuluka kouma kufika theka. Mwana uja ndamupempha kuti madzi a mbale azithira pa nthochi.

Mawa m'mamawa alamu andijambulira yachinayi ija. Ikakhala kuti sinadzuke, ndipitanso tikaisolole tione mizu, ndipo mizu ikapezeka yoyera tidzadula tsinde n'kuliyesa m'tambula.