Matagi 41 pa vidiyo ya agogo, ndi chifukwa chake ndinasiyapo 9 okha

Vidiyo yanga yoyamba yaitali inali ya mphindi 48. Ndinajambula agogo anga aamuna atakhala pansi pa mtengo wa mango kumudzi, kufupi ndi Mtenguleni, akufotokoza za Nc'wala: mmene Angoni anaolokera Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, mmene mwambowu unayambiranso mu 1980 utakhala zaka zambiri osachitika, ndi chifukwa chake Inkosi ya Makosi Mpezeni imayamba kulawa zakumunda anthu onse asanadye. Ndisanaiike pa YouTube ndinayenera kutsimikizira kaye akaunti yanga ndi nambala ya foni, chifukwa popanda kutero sakulola vidiyo yopitirira mphindi 15. Kenaka inadya bandulo yanga yonse usiku umodzi.

Nditatopa choncho, sindinafune kuti ntchitoyo ingofera m'mazira. Ndinapita kwa achimwene ena amene amajambula maukwati kuno ku Chipata, amene anayamba kale kundiphunzitsa kudula ndi kulumikiza mavidiyo. Ndinkafuna kudziwa za matagi, mawu aafupi amene umalembera vidiyo m'bokosi lakelake pa YouTube kuti ipezeke anthu akamafufuza. Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, kodi matagi ndiikepo angati?" Anandiyankha mosakayika: "Iwe, ya mphindi 5 timaika 10. Yakoyo ndi yaitali, dzaza bokosi lonse mpaka likane." Zinamveka zanzeru. Munda waukulu umafuna mbewu zambiri. Ndinakhala pansi n'kulemba matagi 41, ena okhudza Angoni, ena a nyimbo za ku Zambia, nkhani za ku Lusaka, mpira, ngakhale maina a oimba awiri otchuka amene sapezeka pena paliponse m'vidiyomo. Maganizo anga anali akuti wofuna oimbawo angapunthwe pa agogo.

Chinthu choyamba chimene chinandikayikitsa ndi bokosilo. Mu YouTube Studio, ukatsegula Details, matagi sali pamwamba. Uyenera kutsika mpaka pansi, kudina Show more, ndiye n'kupeza Tags. Malire ake sawerengedwa ndi chiwerengero cha matagi koma ndi zilembo, ndipo ndi 500 zonse pamodzi. Makoma olekanitsa matagi amawerengedwa nawo, ndipo tagi yokhala ndi mpata pakati imatengedwa ngati ili m'zizindikiro zogwira mawu, choncho `Eastern Province` imadya malo 18 m'malo mwa 16. Malire amenewa sasintha. Vidiyo ya mphindi 2 ili ndi 500, ya maola 3 ilinso ndi 500. Akanakhala kuti kutalika kwa vidiyo kumafuna matagi ochuluka, bwenzi eni ake atakulitsa bokosi la mavidiyo aatali. Sanatero, ndipo analibisa kuseri kwa batani.

Eni akewo sabisa maganizo awo. Pa tsamba lawo lothandiza anthu amanena kuti mutu wa vidiyo, chithunzi cha pachikuto ndi mawu ofotokoza ndi zimene zili zofunika kwambiri kuti vidiyo ipezeke. Matagi akuti amathandiza ngati nkhani ya vidiyo yako ili ndi mawu amene anthu amalakwitsa kalembedwe kake kawirikawiri, koma kupatula pamenepo ntchito yake ndi yochepa kwambiri. Malangizo a achimwene aja ndi otsala a nthawi yakale. Kuyambira mu 2012 YouTube inayamba kuika patsogolo nthawi imene anthu athera akuonera, osati kungowerenga odina. Chiyambire pamenepo kukopa munthu wolakwika kulibe phindu. Wofuna nyimbo akatsegula vidiyo n'kupeza nkhalamba ikuyankhula pang'onopang'ono, amachoka pa masekondi ochepa, ndipo pa vidiyo ya mphindi 48 kuchoka koteroko kumatsitsa moonekeratu Average view duration, muyeso wa nthawi imene woonera aliyense amathera pa vidiyo mongoyerekeza.

Sindinangokhulupirira zowerenga. Patatha mwezi ndinatsegula Analytics ya vidiyoyo, tsamba loonetsa ziwerengero za oonera, ndinapita pa Reach, n'kuyang'ana gawo la YouTube search. Pamenepa pamaoneka mawu enieni amene anthu analemba pofufuza asanafike pa vidiyo yako. Mndandanda wanga unali waufupi: Ncwala, Mpezeni, mbiri ya Angoni, Nc'wala Chipata. Panalibe dzina la woimba ngakhale mmodzi, panalibe mpira, panalibe Lusaka. Matagi oposa 30 anangokhala phee ngati makasu a mlesi. Sananditengere ngakhale anthu olakwika amene ndinkawaopa aja, chifukwa pa dzina la woimba wotchuka pali mavidiyo ambirimbiri amene dzinalo lili m'mutu mwake ndipo anthu amawaonera mpaka kumapeto. Tagi yobisika singapikisane nawo.

Komabe m'mndandanda womwewo munali chinthu chimene chinandionetsa pamene matagi ali ndi ntchito kwa ife a kuno. Mutu wa vidiyo yanga ndinalemba Nc'wala, koma anthu ambiri analemba Ncwala popanda kachizindikiro ka pakati. Pa foni kachizindikiroko n'kovuta kukapeza, ndipo ena amakaika pa malo ena, N'cwala. Ena, makamaka ozolowera kalembedwe ka kutsidya kwa Mwami, amaonjeza h. Ife tili ndi vuto limeneli paliponse: kuno kusukulu timaphunzira Cinyanja ndi c yokha, ku Malawi amalemba Chichewa ndi ch, wina alemba cimanga, wina chimanga, gule wa Angoni wina amutcha ngoma, wina ingoma. Sungadzaze kalembedwe konseka m'mutu, umene malire ake ndi zilembo 100 ndipo uyenera kuwerengeka ngati chiganizo cha munthu. Bokosi la matagi ndiye malo ake. Ndinafufuta zonse n'kusiya izi:

```
Nc'wala, Ncwala, N'cwala, Nchwala, Mtenguleni, Mpezeni, Ngoni, Ingoma, Chipata
```

Ndi matagi 9, zilembo pafupifupi 70 pamodzi ndi makoma. Malo oposa 400 anatsala opanda kanthu, ndipo masiku oyamba zinkandisowetsa mtendere ngati ndasiya ndime yosalima. Milungu inayi yotsatira, obwera kudzera pofufuza sanachepe, ndipo mawu amene ankalemba anali omwe aja.

Apa ndiyenera kudziletsa, chifukwa kuyesa kotere kuli ndi malire. Analytics imakuuza mawu amene munthu analemba, koma sikuuza ngati vidiyo yako inatuluka chifukwa cha tagi, mutu kapena mawu ofotokoza. Makina ofufuzira amathanso kukonza okha zilembo zolakwika, makamaka pa mawu odziwika. Ndiponso nkhani ngati yanga imayendera nyengo. Nc'wala imachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale, ndipo milungu imeneyo aliyense amene ali ndi vidiyo ya mwambowu amaona anthu akuchuluka. Munthu akasintha matagi pa 15 Febuluwale n'kuona manambala akukwera, adzayamika matagi pamene woyenera kuyamikidwa ndi kalendala. N'chimodzimodzi ndi mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti. Ine ndinayesa m'miyezi ya Meyi ndi Juni, nkhaniyi itazizira, ndipo sindinasinthe mutu kapena chithunzi nthawi imeneyo kuti ndisasokoneze zinthu. Zimene ndinganene motsimikiza n'zakuti kuchotsa matagi osakhudzana ndi vidiyo sikunanditayitse kanthu.

Pali kudzaza kwina kumene kuli koopsa kuposa kungotaya nthawi. Bokosi likakana, ena amatenga matagi otsalawo n'kuwathira m'munsi mwa mawu ofotokoza, poti kumeneko kuli malo a zilembo 5,000. Mwina munaonapo mavidiyo okhala ndi mzere wautali wa mawu opanda mutu pansi pake. Malamulo a YouTube okhudza chinyengo amaletsa zimenezi, pamodzi ndi kulemba zinthu zonamiza anthu za zimene zili m'vidiyo, ndipo vidiyo ikhoza kuchotsedwa. Maina a oimba amene ndinaika aja analinso m'gulu la zonamiza, kungoti ndinawachotsa zisanandivute. Mahashitagi, aja oyamba ndi #, ndi chinthu china chosiyana ndi matagi ngakhale anthu amazisokoneza. Iwo amaoneka poyera, ndipo pafupi ndi mutu pamatuluka atatu basi. Ukapitirira 60, YouTube imawanyalanyaza onse, ngakhale abwino omwe.

Komabe nkhawa ya achimwene aja inali ndi maziko. Vidiyo yaitali imakhaladi ndi nkhani zambiri mkati, ndipo mutu umodzi sungazitchule zonse. Agogo anayankhula za kuoloka mtsinje, za ng'ombe yakuda imene imabayidwa pa mwambo, za zovala za zikopa, za magule. Wofuna za ng'ombe yokha angadziwe bwanji kuti zilimo? Yankho lake ndi magawo olembedwa ndi nthawi m'mawu ofotokoza. Lamulo lake n'losavuta: loyamba liyambire pa 00:00, akhale osachepera atatu otsatana mwadongosolo, ndipo gawo lililonse lisachepere masekondi 10. Anga ndinalemba motere:

```
00:00 Malonje
04:10 Kuoloka Zambezi mu 1835
17:30 Ng'ombe yakuda pa Nc'wala
31:05 Ingoma ndi zovala za Angoni
```

Mawu amenewa, mosiyana ndi matagi, anthu amawaona. Kamzere kofiira kapansi pa vidiyo kamagawika, munthu n'kudumphira pamene akufuna m'malo motseka vidiyo yonse, ndipo nthawi zina Google imaonetsa magawowo pa zotsatira za kufufuza. Kwa munthu amene akuonera ndi bandulo yochepa ali pa msika wa Kapata, kudziwa kuti za ng'ombe zili pa 17:30 ndi kumene kumamupangitsa kutsegula vidiyo ya mphindi 48 osaopa. Ndinalembanso mizere iwiri yoyamba ya mawu ofotokoza ngati ziganizo zenizeni, zotchula agogo, mudzi ndi mwambo, chifukwa imeneyo ndiyo imaoneka munthu asanadine kuti awerenge zonse. Ntchito ya magawoyi inanditengera ola lathunthu, kuonera vidiyo yonse ndi cholembera m'manja. Matagi 9 aja ananditengera mphindi ziwiri.

Sabata yatha ndinawaonetsa achimwene aja mndandanda wa YouTube search pa foni yanga. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatsegula vidiyo yawo ya ukwati ya maola awiri, imene ili ndi matagi odzaza mpaka 500. Mawu amene anthu anafufuzira anali maina a akwati ndi dzina la tchalitchi, zonse zili kale m'mutu. Anaseka n'kunena kuti, "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuthirira mwala?" Matagiwo sanawachotse, akuti sakuwadyera nsima. Koma anandipempha kuti Loweruka ndipite ndikawathandize kulemba magawo, ndipo tinagwirizana kuti loyamba pambuyo pa 00:00 likhale pamene mkwatibwi akulowa, poti ndi pomwe achibale onse amafunsa.