Mmene ndimaphikira chokoleti chakumwa chopanda mibulu

Koko wa ufa sasungunuka ngati shuga kapena mchere. Muli mafuta, ndiye mukamuthira pamwamba pa mkaka amangoyandama. Kunja kwa kamulu kalikonse kumanyowa n'kumata, m'kati n'kutsala ufa wouma, ndipo imeneyo ndiyo mibulu imene imakaphulikira m'kamwa. Ngakhale mutatakasa mpaka mkono kuwawa, timibuluto timangozungulira m'kapu. Choncho ntchito yonse ndimaithera pa koko, mkaka usanafike n'komwe pamoto.

Ndikunena koko weniweni, wowawa uja wophikira makeke, osati wa m'zitini wosakaniza kale ndi shuga ndi mkaka. Mu Juni ndi Julaye, mphepo ikamatsika m'mapiri a Chipata, ana amapempha madzulo alionse, ndipo ndimaphika makapu awiri aakulu. Pamafunika mkaka theka la lita, koko masupuni aakulu 3, shuga masupuni 3, ndi mchere wongotsina ndi zala.

Ndimayamba ndi kusefa kokoyo m'kasefa ka tiyi, kugwera m'poto wouma. Koko amene wakhala m'kabati dzinja lonse amayamwa chinyezi n'kupanga timiyala tolimba, ndipo timeneti ndimatiphwanya ndi kumbuyo kwa supuni pasefa pomwepo. Kenako ndimathira shuga ndi mchere, n'kusakaniza zili zouma mpaka mtundu ukhale umodzi. Shuga amalowa pakati pa ufa n'kuubalalitsa, motero madzi akabwera amapeza podutsa.

Tsopano madzi otentha, masupuni 4 okha. Ndimathira awiri, n'kutikita ndi mthiko m'mbali mwa poto, kenako ena awiri. Poyamba zimaoneka ngati zakana, ufa uli mbuu pamwamba, koma posakhalitsa zimasanduka phala lolimba, lakuda, lonyezimira. Kulimbako n'kofunika, chifukwa m'phala lolimba mbulu umasowa kothawira ndipo mthiko umauphwanya. Aliyense amene anaphikapo nsima akudziwa kuti mibulu imathera pamene nsima yalimba, pokanikizira kukhoma la poto. Ndimayesa popaka kaphalako kumbuyo kwa supuni. Ndikaona timadontho totuwa, ndiye kuti mukadali ufa wouma, ndimapitiriza kutikita.

Phalalo ndimaliika pamoto wochepa, ndikuvundula osaleka, mpaka liyambe kubwata pang'ono, pafupifupi mphindi imodzi. Ambiri apa amadumphapo, n'chifukwa chake chakumwa chawo chimakereketa palilime. Kutentha kumasungunula mafuta a m'koko ndipo ufa umamwa madzi n'kufewa, fungo nalo limatuluka. Pa mbaula samalani. Makala akakolera kwambiri koko amapserera msanga, ndipo kuwawa kwa koko wopserera shuga sangakuphimbe. Ine ndimachotsako makala ena, kapena kugwira poto m'mwamba pang'ono.

Mkaka umalowa pang'onopang'ono. Woyamba ndi kotala la kapu, ndipo sindiwonjezera wina mpaka utalowerera m'phala. Wachiwiri chimodzimodzi. Phala likasanduka lamadzimadzi, wotsalawo ndimangokhuthula wonse. Ndimatenthetsa ndikutakasa ndi pansi pomwe mpaka nthunzi ituluke ndi timathovu tioneke m'mphepete, n'kusiya choncho mphindi ziwiri osalola kuwira mwamphamvu. Mkaka wowira kwambiri umagwira pansi ndipo umayala khungu pamwamba, ndiye zidutswa za khungulo anthu amaziyesa mibulu ya koko. Ngati mkaka ndi wa kukhola, ndimauwiritsa padera kaye n'kuusefa. Ngati ndi wa ufa, ndimausungunula m'madzi ofunda m'kapu ina. Mkaka umene wayamba kusasa musauyese n'komwe, umadukaduka ukatentha ndipo palibe chokonza.

Kuti chikhale cholemera, ndimasungunula supuni yaing'ono imodzi ya kasitadi m'mkaka wozizira pang'ono, n'kuthira m'poto mkaka ukatentha, ndikutakasa mpaka chiyambe kumatirira kusupuni. Kasitadi amalimbitsa chakumwacho, ndipo ufa wa koko umachedwa kutsikira pansi. Mukapitirira muyezo mudzadya phala ndi supuni. Mlamu wanga amakonda chotero, koma kwa ine chimenecho si chakumwanso.

Pothira m'makapu ndimadutsitsa m'kasefa kaja. Kakatsala koyera, zayenda bwino. Mukakhala timibulu takuda touma m'kati, phala silinatikitike mokwanira. Timeneto ndimatitikita pasefa pomwepo ndi supuni, n'kuthira chakumwa chotentha pamwamba kuti titsike. Tikakhala tizidutswa totuwa tofewa, vuto linali mkaka kapena moto, ndipo timeneto ndimataya.

Kapu ikakhala patebulo nthawi yaitali, pansi pamadikha matope akuda ndithu, ngakhale mutaphika bwino chotani, poti koko uja sanasungunuke, wangomwazika m'mkaka. N'chifukwa chake kapu iliyonse ndimaipereka ndi kasupuni, kuti womwayo azitakasa akafika pakati.