Memo ya tchuthi inandibwerera kawiri

Mlembi wathu wa kusitolo wapita kutchuthi tsopano, ndipo ine mtima wakhala pansi. Kapepala ka tsamba limodzi, koma kandidyera masiku atatu ndi maulendo awiri kuchoka ku Kanengo kupita ku City Centre, komwe kuli ofesi yathu yoona za antchito.

Fomu ya tchuthi analemba yekha, ine n'kusayina. Pakampani pathu fomuyo imayenda ndi memo ya woyang'anira, yonena kuti wavomereza komanso kuti ntchito siima. Ndinalemba mizere itatu: ndavomera, munthuyu apume masabata atatu kuyambira Lolemba pa 7 Okutobala, anzake agwira ntchito yake. Ndinaipatsa dalaivala m'mawa, madzulo inabwera osadindidwa. Nditaimba foni, amayi a ku ofesiko anangoti, "Bambo, anzakewo ndi ndani? Katundu akasowa ndidzafunsa anzake?" Ndinapsa mtima, koma ankanena zoona. Lembani dzina la munthu ndi udindo wake, osati "anzake".

Chomwe chinandinyansa kwambiri ndi cha masiku. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata apume masiku 15 ogwira ntchito pa chaka, ndipo wa masiku asanu ndi limodzi apume 18, kuchepetsetsa kwake. Ife timagwira Lolemba mpaka Lachisanu, choncho ndinangoti masiku 15 ndi masabata atatu, abwere Lolemba pa 28. Ndinanyamula memoyo ndekha, ndinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka anthu atapita kunkhomaliro ndi kubwerako, kenako amayi aja anatenga kalendala n'kuloza pa 15 Okutobala. Tsiku la Anakubala! Lagwa Lachiwiri, m'kati mwenimweni mwa tchuthicho, ndipo holide siwerengedwa ngati tsiku logwira ntchito. Sabata yoyamba masiku 5, yachiwiri 4, yachitatu 5, onse pamodzi 14. Tsiku la 15 ndi Lolemba pa 28, ndiye munthu abwere Lachiwiri pa 29. Ndinapempha kuti ndikonze ndi cholembera pomwepo n'kusayina m'mbali, anakana, ati pepala lolowa m'fayilo ya munthu lisakhale lofufutafufuta. Tsiku lathunthu linapita chifukwa cha deti imodzi, kubwerera n'kukumananso ndi mzere wa magalimoto pa Area 18.

Ndiye m'memo musalembe "masabata atatu". Lembani tsiku loyamba, tsiku lomaliza, tsiku lobwera kuntchito, chiwerengero cha masiku ogwira ntchito, ndi masiku otsala m'chaka chimenecho. Zonsezi zifanane ndi zomwe zili pa fomu. Otsalawo funsani ku ofesiko musanalembe, chifukwa buku lawo ndi lomwe amakhulupirira, osati lanu.

Ndabwereranso ku za dzina zija, ndinaiwala china. Nditaika dzina, ndinaika la mnyamata yemwe amagula katundu, poti amadziwa sitolo yonse pamtima. Akawuntanti wathu atamva anagwedeza mutu ndisanatumize n'komwe. Munthu mmodzi sangagule katundu, n'kulandira yekha, n'kulemba yekha m'buku kuti wafika wokwanira. Ndinagawa ntchitoyo pawiri: kulandira ndi kutulutsa katundu, pamodzi ndi makiyi, ndinapatsa wachiwiri wa mlembiyo, ndipo lipoti la kumapeto kwa sabata ndinatenga ine. Ndinalembanso kuti Lachisanu pa 4 Okutobala mlembiyo ndi wachiwiri wakeyo awerengera limodzi katundu yense n'kusayina pepala lopatsirana ntchito. Mukalumpha pamenepa, matumba akadzasowa wina adzati anasowa ine kulibe, winanso adzati ndinapeza atasowa kale.

Komanso wotsala pa ntchitoyo muuzeni musanamulembe. Mnzanga wina analemba dzina la munthu yemwe nayenso anali atapempha tchuthi sabata yomweyo, ndipo a ku ofesiko ndi omwe anatulukira. Panopa ndimamusayinitsa pansi pa memo kuti wavomera. Ngati pakhala ovataimu kapena alawansi ya wogwirizira udindo, nenani momwemo. Kwa ife panalibe, ndipo ndinalemba chiganizo chimodzi kuti sipakhala ndalama ina yowonjezera. Chifukwa chomwe munthuyo wapemphera tchuthi sindinachilembe. Anandiuza pa ife awiri, ndipo tchuthi cha pachaka ndi ufulu wake, memo imadutsa m'manja ambiri.

Memo yachitatu ndinapita nayo ndekhanso, makope awiri. Amayi aja anawerenga, anayang'ananso kalendala, anadinda onse awiri n'kundibwezera imodzi. "Mukanayambira pamenepa, bambo." Sindinayankhe. Kope yangayo ili m'dirowa, pamodzi ndi kalendala yomwe ndazungulizapo maholide onse ndi cholembera chofiira.