Lachiwiri: dzina la uchi wanga

Uchi wa m'ming'oma yanga isanu ndi umodzi ndausefa kale, uli m'mabotolo, koma mpaka m'mawa uno ndinalibe dzina loti ndiugulitsire pa Instagram. Mayina awiri amene ndinkawafuna ena anawatenga kale. Ndiye nditamwa tiyi ndinakhala pakhonde ndi kope, n'kuyamba kulumikiza mawu awiriawiri kuti atuluke amodzi.

Njira yake ndinaipeza msanga. Mawu achiwiri aziyamba ndi phatikizo limene mawu oyamba athera, kenaka phatikizolo ulilembe kamodzi kokha. Ming'oma imathera pa "ma", maluwa amayambira pa "ma", ndiye panatuluka ming'omaluwa. Ndinalikonda kwambiri, chifukwa moyo wa njuchi ndi womwewo, kuchoka mumng'oma kupita pa duwa. Koma Instagram imangolola zilembo, manambala, kadontho ndi kamzere kam'munsi. Kachizindikiro ka mu ng' sikaloledwa. Linasanduka `mingomaluwa`, ndipo mwana wanga ataliwerenga anatchula "ngo" ngati wa mu ngolo. Mng'oma unasowamo. Ndinalisiya, ngakhale mtima unkawawa.

Dzina lachiwiri linali uchi ndi chimwemwe, `uchimwemwe`. Papepala linkaoneka bwino zedi. Masana ndinaimbira amayi, n'kulitchula kamodzi osawauza tanthauzo lake. Anakhala chete pang'ono, kenaka akuti, "Mwanawe, ukuuza ndani kuti achimwe?" Khutu lawo linagwira "uchimwe" lisanafike kumapeto, ndipo uchi sanaumve n'komwe. Ine ndinali nditaliwerenga ndi maso kakhumi osaona zimenezo, chifukwa ndinkadziwa kale pamene mawu awiriwo akumana. Womva sadziwa. Amadula pamene apeza mawu amene amawadziwa.

Chakumadzulo ndinayesa njuchi ndi chisomo, `njuchisomo`, zilembo 10, maphatikizo anayi. Ndinalitchula mokweza kangapo ndikutsuka mabotolo. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho kukoka kumagwera pa "so", ndipo "njuchi" amadutsa mwachangu koma osasweka. Mulibenso l kapena r, zimene anthu amazisinthanitsa polemba, mulibe ph, th ngakhale kh woti wina angaiwale h wake.

Ndinatumiza uthenga wamawu kwa anthu atatu pa WhatsApp: "Lembani zimene mwamva, musandifunse." Achemwali ndi mlamu wanga analemba ndendende. Mnzanga wa kutchalitchi analekanitsa, njuchi somo, koma zilembo zonse zinalimo, ndipo anadziwiratu kuti ndi nkhani ya uchi. Pomaliza ndinapempha mwana wanga aime kumpanda, ine ndili pakhomo wailesi ikulira, ndinalitchula kamodzi. Analibweza lonse bwinobwino.

Ndalilembetsa 8 koloko usiku uno, ndipo palibe amene anali atalitenga. Mawa ndikadindisa timapepala tomata pa mabotolo.