Silaidi ya ngongole yandidyera masiku anayi

Ino ndi sabata yachitatu ndikulimbana ndi masilaidi anga ofotokoza mawu a akawunti, aja opalasa ndi chala pa Instagram, liwu limodzi pa chithunzi chimodzi. Mwa 12 amene ndinakonza, 7 atha. Ndikuwapanga mu Canva pa saizi ya 1080 x 1350, ndipo lamulo langa ndi lophweka: pamwamba liwu, pakati tanthauzo la chiganizo chimodzi, pansi chitsanzo cha makwacha.

Chimene chandithandiza kwambiri n'kugwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira silaidi yoyamba mpaka yomaliza. Ndi mayi wongopeka amene watsegula okala. Waikamo K200,000 yakeyake, umenewu ndiye mpamba. Wakongola K100,000 ku banki m'khonde. Wapikula katundu wa K250,000, m'kabati mwatsala K50,000. Zonse zimene bizinesi ili nazo ndi K300,000, ndipo ukafunsa kumene zachokera yankho limakwanira ndendende: K100,000 ya banki m'khonde, K200,000 ya mayiyo. Masilaidi a mpamba ndi katundu ndinawalemba usiku umodzi.

Pa ngongole m'pamene zinavuta. Poyamba ndinalemba kuti "ndalama zimene sizinalipidwe", n'kumadzimva ndithu kuti ndamenya. Loweruka ndinawapatsa foni alamu anga, amene ali ndi okala yeniyeni. Anawerenga, n'kubwerezanso, kenako anati, "Alamu, ngongole yake iti? Yanga ya kwa opikulitsa, kapena ya anthu aja amatenga shuga n'kumati ndidzakuonani pakutha pa mwezi?"

Ndinasowa choyankha. Ife timangoti ngongole mbali zonse ziwiri, koma m'buku la akawunti ziwirizi sizikhala pamodzi. Ndalama imene iwe uyenera kubweza imachotsedwa powerengera gawo lako m'bizinesi. Imene ena ayenera kukubwezera ndi chuma chako, ngakhale sichili m'manja. Ndinayesa mitu yakuti "Wokukongoza" ndi "Wokukongola", koma akusiyana chilembo chimodzi chokha, ndipo munthu amene akupalasa mothamanga mu minibasi sangazione (alamu anasekanso kuti wachiwiriyo akumveka ngati nkhani ya maonekedwe). Pano pali masilaidi awiri otsatizana: "Ngongole yoti ubweze" lofiira, ndi "Ngongole yoti akubwezere" lobiriwira.

Kugawa kumeneku kunakonzanso silaidi ya phindu, imene inali yozizira. Tsopano kasitomala akutenga shuga ndi sopo pangongole, za K55,000, zimene mayi uja anapikula pa K40,000. Katundu wa pashelefu watsika kufika pa K210,000, ngongole yoti amubwezere ndi K55,000, m'kabati mukadali K50,000 yomwe ija. Zonse pamodzi K315,000. Ukachotsa K100,000 ya banki m'khonde, gawo lake lakwera kufika pa K215,000. Wapindula K15,000, koma sangagule nayo ngakhale paketi ya mchere mpaka kasitomalayo atabwera. Akapanda kubwera ndiye kuti phindulo lafufutika, K40,000 ya mpamba nayo yapita. Alamu atawona pamenepa anangogwedeza mutu n'kutchula mayina atatu a m'kope lawo.

Otsala ovuta ndi debiti ndi kirediti. Pafupifupi aliyense amene ndamufunsa akuti kirediti ndi ndalama kulowa, chifukwa uthenga wa ku banki umati `credited` malipiro akagwa. Koma uthengawo umachokera m'buku la banki, osati lako. Kwa banki, ndalama yako ndi ngongole yoti ikubwezere, ndipo ngongole yotere ikakula imalembedwa ku kirediti. M'buku lako iwe, ndalama yomweyo imalowa ku debiti. Choncho tanthauzo loona ndi losasangalatsa: debiti ndi mbali ya kumanzere, kirediti ya kumanja, ndipo chilichonse chochitika chimalembedwa mbali zonse ndi ndalama zofanana. Kalembedwe kameneka n'kakale. Luca Pacioli anakafotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494. Ndinamuikapo pa silaidi, koma ndamuchotsa, amangodya malo.

Ndayesa kulemba debiti payokha katatu konse, nthawi zonse chiganizo chikumathera pa liwu lakuti kirediti, lomwe wowerenga sanakumane nalo. Ndiye ndaphwanya lamulo langa: awiriwa akhala pa silaidi imodzi, mzere pakati. Kumanzere `Dr`, chidule cha debiti, katundu K250,000, kumanja `Cr`, chidule cha kirediti, ndalama za m'kabati K250,000, tsiku lopikula lija. Zilembo zachepa pang'ono, ndiye Loweruka likudzali ndikawapatsanso alamu kuti awerenge pa foni yawo ya galasi losweka ija, osavala mandala.