Mnofu wakumbuyo kwa ntchafu unandikhazika pabenchi masabata 7

Ndimasewera mpira wa masoshozi Lamlungu lililonse, ndipo ngakhale ndili ndi zaka 34 anzanga amandiikabe kuwing'i poti liwiro ndi lomwe ndinatsala nalo. Tsiku lomwe ndinavulala palibe anandikhudza. Mpira unaponyedwa kutsogolo, ine n'kuliyatsa la mtondo wadooka, ndipo ndisanapite patali ndinamva ngati wina wandigenda ndi mwala kumbuyo kwa ntchafu yakumanja. Ndinachita kucheuka kuti ndione wondigendayo. Amene munaonera Usain Bolt ku London mu 2017, akudumphira mwendo umodzi pa mpikisano wake womaliza wopatsirana kamtengo, mukudziwa mmene munthu amaonekera zikatere.

Kunyumba ndinachita zomwe aliyense amalangiza. Akazi anga anandithowa ndi madzi otentha, mnzanga wina anabwera kudzandikanda ndi zala zake zolimba ngati akukanda ufa wa mandasi, ine ndekha ndinkawerama m'mawa uliwonse kugwira zala zakuphazi kuti mnofu "umasuke". Patatha masiku 10 ndinkayenda bwinobwino. Patatha masiku 14 ndinavala jombo. Ndinasewera mphindi 20 zokha, ndipo nditangoti ndithamangitse mpira woyamba wautali, pamalo pomwe paja panang'ambikanso, ulendo uno moti ndinachita kunyamulidwa. Patapita masiku atatu khungu la kumbuyo kwa ntchafu linada bii mpaka kufupi ndi bondo. Apa m'pamene ndinapita kwa dokotala wa mafizo.

Mayiwo anayamba ndi kundifotokozera chomwe chinavulala. Kumbuyo kwa ntchafu kuli minofu itatu yomwe pamodzi amaitcha hamusitiring'i. Imayambira pa fupa lija timakhalira pansi pa thako n'kukathera kunsi kwa bondo. Pothamanga kwambiri, mwendo ukaponyedwa kutsogolo, minofuyi ndiyo imagwira buleki phazi lisanaponde pansi, ndiye imakhala ikukoka mwamphamvu pomwe ili yotambasuka. Nthawi imeneyo ndi yomwe imang'ambika, ndipo kwa othamanga umene umavulala kawirikawiri ndi wa chakunja, wotchedwa baisepusi femorisi. Wanga unali womwewo.

Kupima kwake kunalibe makina. Anandigoneka chafufumimba n'kuyamba kudinikiza ndi chala kuchokera pa fupa lokhalira kutsika m'munsi, akundifunsa pomwe ululu ukuyambira ndi pomwe ukuthera. Anaika timadontho tiwiri ndi bolopeni n'kuyeza ndi tepi: malo opweteka anali masentimita 7 m'litali, chapakati pa ntchafu. Anati pamenepo ndachita mwayi, chifukwa bala likakhala pafupi kwambiri ndi fupa lokhalira limakhudza mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, ndipo umenewo umachedwa kupola. Kenako anagwira chidendene changa n'kundiuza kuti ndipinde bondo iwo akukaniza. Mwendo wakumanzere unawagonjetsa, wakumanja unangonjenjemera n'kugonja, ululu uli tseee. Pomaliza anandigoneka chagada n'kukweza mwendo uli wowongoka. Wabwinowo unakwera pafupifupi kuloza kudenga, wovulalawo unakanira pakatikati.

"Bambo, iyi ndi giredi 2," anatero. "Yoyamba ija mwina inali giredi 1, ndipo mukanaipatsa ulemu bwenzi pano mukusewera."

Magirediwa ndi atatu. Pa giredi 1 tiulusi ting'onoting'ono ta mnofu tochepa ndi tomwe taduka: munthu amamva kukoka, amayenda ndithu mwina motsimphina pang'ono, mphamvu imakhala isanathe kwenikweni, ndipo kawirikawiri zimatenga sabata imodzi mpaka atatu. Pa giredi 2 gawo la mnofu lang'ambika ndithu: ululu umabwera mwadzidzidzi, mphamvu imachepa moonekeratu, magazi amatha kuonekera pansi pa khungu patapita masiku, ndipo nthawi yake ndi masabata 4 mpaka 8. Giredi 3 ndi pamene mnofu kapena mtsempha wake wadukiratu. Pamenepo ena amamva kuti phwa, chala chimatha kupeza kadzenje pamnofu, ntchafu yonse imada, kukhala pampando kumavuta, ndipo kuchira ndi nkhani ya miyezi itatu kapena kuposa. Mtsempha ukazuka pa fupa lokhalira pamafunika kujambula, mwinanso opaleshoni, yomwe imayenda bwino ikachitika m'masabata oyambirira, choncho zizindikiro zoterezi si zodikira nazo kunyumba. Anandichenjezanso kuti phazi likachita dzanzi, kapena katumba akatupa n'kutentha, ndithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndinafunsa kuti ndibwerera liti m'bwalo. Anakana kundipatsa tsiku. Anati kalendala siiona mkati mwa ntchafu, ndipo ndizichoka pa gawo lina kupita pa lina pokhapokha mwendo ukakhoza mayeso a gawolo. Apa m'pamene ndinamvetsa chomwe chinandipusitsa poyamba. Ululu woyenda nawo umatha msanga, pomwe chipsera cholumikiza mnofu chikadali chanthete. Kuyenda sikufuna mphamvu zambiri kwa minofu imeneyi, koma liwiro limafuna zonse.

Gawo loyamba linali loteteza bala. Zonse zomwe ndinachita ulendo woyamba zinali zolakwika: madzi otentha ndi kukanda zimawonjezera kukha magazi mkati m'masiku oyambirira, ndipo kukoka mnofu wong'ambika kuli ngati kukoka nsalu yomwe telala wangoyamba kusoka. Mowa nawonso anandiletsa. M'malo mwake ndinkaika ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 pakatha maola atatu alionse, kumanga bandeji yotamuka mosafinya kwambiri, ndi kuyenda timasitepe tifupitifupi. Magetsi akazima ayezi n'kusungunuka, bandeji ndi kugoneka mwendo pa pilo zinkakwanira. Pa ululu ndinkamwa panado basi. Koma sanandilole kungogona. Kuyambira tsiku lachisanu ndinkagona chagada, bondo lopinda pang'ono, n'kumakanikiza chidendene pansi kwa masekondi 10, kasanu, popanda mwendo kusuntha. Kenako ndinayamba kukweza chiuno m'mwamba mapazi onse awiri ali pansi. Mayeso otulukira m'gawoli anali kuyenda mwachangu osatsimphina komanso osamva kanthu. Ndinakhoza pa tsiku la 9.

Gawo lachiwiri ndi lomwe linali ntchito yeniyeni, ndipo ndi lomwe ambiri timalidumpha. Cholinga chake ndi kuphunzitsa mnofu kukhala ndi mphamvu uli wotambasuka, poti m'pamene unagonjera. Mayiwo ankatsatira mafizo atatu omwe anakonza katswiri wa ku Sweden, Carl Askling. Pa kafukufuku wake wa 2013 pa osewera mpira a m'dzikolo, amene anachita mafizowa anabwerera m'bwalo patatha masiku pafupifupi 28, pomwe amene anachita mafizo akale anatenga masiku pafupifupi 51.

Oyamba ndi osavuta: kugona chagada, kugwira ntchafu ndi manja ili chilili, n'kumawongola bondo pang'onopang'ono mpaka pomwe ululu ukufuna kuyamba, osapitirira. Ndinkachita ka 12, maulendo atatu, m'mawa ndi madzulo. Achiwiri ndi oimirira pa mwendo wovulala, bondo lopinda pang'ono, n'kuwerama manja ali kutsogolo mwendo winawo ukukwera kumbuyo, ngati munthu wofuna kudumphira m'madzi: ka 6, maulendo atatu, kudumphitsa tsiku limodzi. Achitatu ndi omwe ndinkadana nawo. Umagwira tebulo, chidendene cha mwendo wovulala chili kutsogolo, phazi linalo lili pa kansanza pa simenti yoterera, n'kulitsetsereka kumbuyo mpaka kumbuyo kwa ntchafu yovulalayo kutakoka, kenako umabwerera podzikoka ndi manja osati ndi mwendo. Amenewa ndi ka 4 kokha, maulendo atatu, kamodzi pa masiku atatu, ndipo ukawachita umadziwa chifukwa chake ndi ochepa chotero. Ana anga ankaseka kuti bambo ayamba kukolopa.

Lamulo la ululu linali lomveka. Pa sikelo ya 0 mpaka 10, kukoka kofika pa 3 kunali kololedwa, koma ululu wobaya ayi. Woweruza weniweni anali m'mawa wa tsiku lotsatira: ndikadzuka mwendo uli chimodzimodzi ndi dzulo, ndipitirize, ukakhala wowawa kuposa dzulo, ndibwerere pa zomwe ndinkachita masiku awiri apitawo. Zinandichitikira kamodzi m'sabata yachitatu, nditapalasa njinga kukwera chitunda ndi thumba la chimanga. Ndinataya masiku atatu. M'gawo lomweli ndinayamba kuthamanga pang'onopang'ono, mamita 50 kupita, kubwerera choyenda, mpaka ndinatha kuzungulira bwalo kwa mphindi 15.

Gawo lachitatu linayamba m'sabata yachisanu, nditatha kukweza chiuno ndi mwendo umodzi ka 20 mbali zonse mofanana. Apa panabwera mafizo otchedwa Nodiki. Umagwada pa chinthu chofewa, mnzako n'kukugwira akakolo, iwe n'kumagwa chakutsogolo pang'onopang'ono thupi lili lowongoka, ukudziletsa ndi minofu yakumbuyo kwa ntchafu mpaka itagonja, n'kugwira pansi ndi manja. Tsiku loyamba ndinachita ka 5 maulendo awiri, ndipo kwa masiku awiri ntchafu zonse ziwiri zinkawawa. Kuwawa kwa mbali zonse kotereku n'kwa kutopa, n'kosiyana ndi kubaya kwa pamalo amodzi. Kafukufuku wa magulu ambiri a osewera amasonyeza kuti mafizowa amachepetsa kuvulala kwa minofuyi ndi pafupifupi theka, ndiye ndimawachitabe kamodzi pa sabata.

Liwiro ndinalibweza ngati mmene amawonjezera magiya. Ndinayeza mamita 60 pabwalo: 20 oyambira, 20 ogwira liwiro, 20 otsitsa. Ndinayamba ndi liwiro lomwe ndinkaliona ngati 60 pa 100, ka 6, kenako 70, 80, 90, ndipo pakati pa masiku othamanga ndinkasiya tsiku lopuma. Sindinkakwera giya ngati m'mawa wake mwendo wadandaula. Chovuta pa 90 sichinali mnofu koma mantha, chifukwa thupi limakumbukira mwala uja.

Tsiku lomaliza kwa a mafizo anabwereza mayeso onse a tsiku loyamba. Podinikiza panalibe ululu, popinda bondo miyendo inafanana mphamvu. Kenako anawonjezera amodzi: kugona chagada, bondo lowongoka, n'kuponya mwendo m'mwamba mwachangu mmene ndingathere, katatu. Chomwe ankayang'ana si kutalika kokha koma nkhope yanga, ngati ndikuzengereza kapena kuopa. Sabata yapitayo ndinali nditalephera mayeso omwewa, mwendo unkadzigwira wokha buleki, ndipo anandiwonjezera sabata. Ulendo uno unakwera wopanda mafunso.

Anandiuza kuti masabata oyamba munthu atabwerera ndi omwe ambiri amavulalanso, choncho ndiyambe ndi kutirena ndi anzanga kawiri, ndithamange liwiro lonse osachepera maulendo awiri osiyana, kenako ndisewere theka la gemu. Lamlungu la sabata ya 7 ndinafika pabwalo mofulumira, n'kutenthetsa thupi mphindi 15 anzanga akadali pa nkhani za ligi. Ndinalowa chigawo chachiwiri. Mpira wautali woyamba utabwera ndinauthamangira, ndinaupeza, ndipo kurosi yanga inakagwera m'munda wa chinangwa kuseri kwa golo.